Kumene Anayang'ana Bambo Mvula

Bambo Evaristo Mvula anajambula anthu kwa zaka makumi atatu, koma iwo eni ake sankajambulidwa. Pa ukwati, pa ubatizo, pa phwando la kufakitale kumene ankagwira ntchito, kamera inkakhala m'manja mwawo, ndipo wina akati nanunso bwerani muime apa, ankakana, amvekere enanu mumadula anthu mitu. Atamwalira mu Epulo chaka chatha, banja lawo ku Kafue Estates linatsala ndi maalubamu asanu odzaza nkhope za anthu, ena osadziwika n'komwe, koma mwininyumba mulibemo. Chimene chinalipo ndi kachithunzi ka pachitupa, kamene anajambulitsa ali mnyamata, maso ali tong'o.

Mwana wawo Lighton anatengera dzanja lomwelo. Ankagwira ntchito pa situdiyo ina m'tauni, kujambula ndi kukonza zithunzi pa kompyuta. Kutatsala masabata atatu kuti avundukule mwala wa pamanda, iye anaganiza zowabwezera bambo ake m'chithunzi chomaliza cha banja, chimene iwo anajambula okha pa Khirisimasi pakhonde. M'chithunzimo mayi ake, Mayi Emelda, anakhala pampando chakumanja. Pampando wina chakumanzere panakhala Miriam, mtsikana wa kwaya wa kutchalitchi kwawo. Lighton ndi mlongo wake Rachael anaima m'mbali, ndipo kumbuyo kwa mipando iwiriyo kunatsala mpata woonetsa chitseko. Mpata umenewo unkangokwanira munthu mmodzi.

Koma tisanamizane, sichinali chikondi cha pa bambo chokha. Lighton anali ndi chibwenzi, Febby, mtsikana wogulitsa nsomba wa kudooko la Chanyanya, ndipo mayi ake sankafuna kumva ngakhale dzina lake. Ankati atsikana a kudooko amadziwa zambiri, ndipo kwawo amalankhula Chitonga, apongozi adzamvana bwanji. Iwo mtima wawo unali pa Miriam, amene makolo ake anachokera ku Katete ngati iwo. Choncho Lighton anawerengera motere: mayi akaona chithunzi mtima udzafewa, ndipo tsiku lomwelo, mtima usanaumenso, adzawaonetsa Febby.

*

Loweruka masana Febby atamaliza kuperekera nsomba kwa makasitomala ake a m'tauni, anamupeza Lighton kuseri kwa situdiyo, laputopu pamiyendo, nkhope ili ndwii. Anali atayesa kukulitsa kachithunzi ka pachitupa kaja, koma nkhope inkangosweka n'kukhala timabokosi. Anali atayesanso pulogalamu ija imene imati imakonza nkhope yokha, ndipo inamupatsa mwamuna wina wosalala, wa mano oyera bwino, amene sanapondepo ku Kafue.

Febby sanayang'ane zimenezo. Maso ake anapita pa mpando wa kumanzere.

"Uyu ndiye Miriam? Ankala monga ni pa nyumba pake."

"Ni ba mami banamudonsa. Enze anabwelesa chabe keke."

"Sungamufute?"

Lighton anati angathe, maminitsi asanu okha. Koma kufufuta munthu wamoyo pa chithunzi cha banja, tsiku la manda, kunali kudziputira nkhani imene sikanatha chaka. Febby anaseka pang'ono, nati amangomuyesa. Kenaka anayamba kutembenuzatembenuza foni yake m'manja, mpaka Lighton anafunsa ngati wakwiya.

"Nili na chintu chamene ninakubisa," anatero Febby. "Ninalonjeza, ndiye chifukwa. Koma bamene ninalonjeza kulibe manje."

Anatsegula foni, napita mmbuyo mpaka Malichi wa chaka chatha, nampatsa. Lighton anayang'ana. Anali bambo ake. Anaima pafupi ndi mabango, atavala sikipa yawo yotuwa, akuseka mpaka maso kuchepa, atayang'ana pansi chakumbali pamene Febby anakhala pa kampando pafupi ndi beseni la nsomba. Chaka chonse chomaliza, shuga atawafooketsa, bambowo sankaseka kunyumba. Ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana msewu.

Febby anafotokoza. Boma litangolola kuti usodzi uyambenso chaka chimenecho, kunabwera mdala wina kudooko, wosadziwa ngakhale kusankha nsomba, n'kuyamba mafunso. Anamufunsa ngati ali pabanja, nati iye ali ndi mwana wamwamuna wabwino, wantchito, angamupatse. Febby anamuyankha kuti amusungire ena, iye ali naye kale wake, wochedwa kuganiza, woyenda ngati akuwerenga miyala, koma ndi wake ndipo samusintha. Mdalayo anaseka mpaka kugwira bondo, ndipo mnzake wa Febby amene ankasewera ndi foniyo anajambula. Ataleka kuseka ndi pamene ananena kuti wochedwa kuganizayo ndi mwana wake. Anamupempha kuti asauze Lighton mpaka iye atalankhula ndi mayi kunyumba. Patapita masabata atatu anamwalira.

Lighton anali atawauza bambo ake za Febby kamodzi kokha, ndipo iwo anangoti hmm. Sankadziwa kuti munthu wodwala chotero anakwera minibasi, napirira msewu wa mabampu wa ku Chanyanya, kungofuna kukaona mtsikana amene mwana wake anamutchula. Analira pomwepo, kuseri kwa situdiyo, ndipo Febby anamusiya alire.

Atapukuta maso, Febby anati amutumizira pa WhatsApp. Apa mmisiri anadzuka mwa Lighton, misozi isanaume. Anati ayi, WhatsApp imafinya chithunzi n'kutaya zambiri, tsitsi limasanduka phala. Anatenga kachingwe, nalumikiza foni ku laputopu, nakopera chithunzicho monga momwe chinajambulidwira. Febby anamuyang'ana, napukusa mutu, nati mdala uja sanalakwitse pomuseka.

*

Vuto linaonekera tsiku lomwelo. Kumtsinje dzuwa linawomba bambo kuchokera kumanzere, pamene pakhonde kuwala kunalowa kuchokera kumanja. Nkhope imodzi ikawala mbali yosiyana ndi anzake, ngakhale munthu wosadziwa za zithunzi amaona kuti china chake chalakwika, kungoti sadziwa kuti n'chiyani. Njira yachidule inalipo, ndipo aliyense pa situdiyo amaidziwa: kutembenuza chithunzi ngati pagalasi. Lighton anadina kamodzi, bambo anatembenuka, kuwala kunagwirizana.

"Aba si beve," anatero Febby nthawi yomweyo.

Analoza chipsera cha pamwamba pa diso, chimene bambo anachipeza kufakitale. Chinali chitasamukira ku diso linalo. Mpata wa dzino lochoka nawo unasamuka. Lighton anati ndi zinthu zazing'ono, anthu sadzaona.

"Bantu sibazaona. Koma ba mami bako bauka pafupi na iyi nkope zaka sate. Ufuna kubapasa mwamuna wa mu gilasi?"

Lighton anabweza chithunzi momwe chinalili. Zimenezi zinatanthauza kuti kuwala konse kwa pankhope adzakusamutsa ndi dzanja, ntchito ya masiku angapo. Panalinso china. Sikipa yotuwa sinali yoyenera chithunzi cha pakhoma, ndipo miyendo ya bambo inabisika kuseri kwa beseni. Panafunika thupi lina, lojambulidwa pakhonde pomwepo, m'kuwala komweko. Jekete la bulauni la bambo linali kwa Lighton, chifukwa pogawa zovala pambuyo pa maliro linagwera iye.

*

Lachinayi masana Mayi Emelda amapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndipo sabwera msanga. Limenelo ndi tsiku limene Febby analowa koyamba pa geti ya kwa a Mvula, akuyenda monyang'ama ngakhale pakhomo panalibe munthu.

Lighton anatulutsa kamera ya bambo ake, yomwe inajambula pa Khirisimasi, naiika pa miyendo yake itatu. Chithunzi chimasunga mkati mwake ola ndi mmene kamera inatcheredwera, choncho iye anatchera chimodzimodzi. Kenaka anayamba kusuntha, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumanzere, kutsitsa, kukweza, akufananiza ndi chithunzi chakale mpaka mafelemu a chitseko ndi zenera anagwera pamodzimodzi. Atamaliza anapeza kuti waima pafupi ndi mpopi, atawerama pang'ono, diso pa kamera. Anazindikira kuti apa ndi pamene bambo ake anaima, ndipo umu ndi mmene anawaonera onse komaliza.

Pa Khirisimasi kunali mitambo, mithunzi inali yofewa, koma tsopano unali Meyi, kumwamba kuli mbee. Choncho anapachika nsalu yoyera ya pabedi kumbali kwa khonde kuti dzuwa lidutsemo lisanafike pa munthu. Anaika mipando iwiri ija m'malo mwake, akuwerenga matailosi. Bambo anali aafupi pang'ono kuposa iye, mutu wawo unkalekeza pa msomali wa nambala ya nyumba, ndiye Lighton anavula nsapato, poti mapazi adzabisika kuseri kwa mipando. Anavala jekete, naika dzanja pa chotsamira cha mpando wa mayi.

Panatsala khosi. Mutu wa bambo unapendekera pansi chakumanzere, ndipo mapewa anayenera kugwirizana nawo, apo ayi mutu ukanaoneka womata. Lighton anayesa kangapo osakhoza. Febby anatopa, nadina kamera kuti ijambule yokha, nathamanga kukakhala pa mpando wa kumanzere.

"Niyangane ine, monga mwamene bananiyanganila."

Lighton anayang'ana pansi, nakumana ndi maso ake. Febby sanaseke. Anamuyang'ana m'jekete lija, nanena motsitsa mawu kuti ngakhale kaimidwe n'komweko. Kamera inalira, koma awiriwo anakhalabe choncho kanthawi. Pa anthu awiri anzeru amenewa, panalibe amene anakumbukira kuti mpando umenewo uli ndi mwini wake m'chithunzi cha Khirisimasi.

Ku Kafue Estates nsalu yoyera siipachikika pakhonde anthu osafunsa. Lighton asanafike n'komwe pa siteji pomuperekeza Febby, foni inalira. Unali uthenga wa Miriam: "Namvela ati pa nyumba panunka nsomba lelo. Ba mami baziba?" Lighton anayankha kuti akukonza mphatso ya mayi, asaiwononge. Miriam anatumiza kankhope komwetulira, nalemba kuti iye amadziwa kusunga chinsinsi, ndiponso amadziwa kudikira. Febby anawerenga uthengawo, nabweza foni.

*

Sabata yotsatira Lighton ankadya chamasana pa kompyuta. Anasanja ntchito yake m'maleya, amene ali ngati mapepala oonekera osanjikizana. Pansi penipeni anaika chithunzi cha Khirisimasi. Pamwamba pake anaika thupi lake la m'jekete, kenaka mutu wa bambo. Pamwamba pa zonse anaikanso mayi, Miriam ndi mipando yawo, atawadula bwinobwino, kuti bambo aoneke kuti aima kumbuyo kwawo. Podula sankafufuta kanthu. Ankagwiritsa ntchito masiki: ukapaka chakuda chinthu chimabisika, ukapaka choyera chimabwerera, ndiye ukalakwitsa sulira.

Tsitsi ndi limene linamuvutitsa. Imvi za bambo zinali pafupifupi mtundu umodzi ndi mabango ouma a kumbuyo kwawo, ndipo kompyuta inkalephera kusiyanitsa. Anakulitsa chithunzi kanayi, nayenda m'mphepete mwa mutu ndi kaburashi kakang'ono, masiku awiri.

Tsiku lachitatu anafika poika mutu pa thupi. Kuti kukula kukhale koyenera, anachepetsa mphamvu ya leya ya bambo mpaka theka, kuti nkhope yake iyeyo izionekera pansi pake, nayamba kukoka kuti diso ligwere pa diso. Maso atagwirizana, mphuno inagwirizana yokha. Makutu nawo, chibwano nacho. Panalibe choti akonze. Pa sikirini panali munthu mmodzi, wosakhala mnyamata, wosakhala mdala, akumuyang'ana chakumbali. Lighton anachotsa dzanja pa mbewa ya kompyuta. Anthu ankamuuza kuyambira ali mwana kuti anafanana ndi bambo ake, ndipo iye ankayesa ndi mawu ongokometsera moni. Anakhala pamenepo akukweza ndi kutsitsa mphamvu ija, bambo akubwera, iye akupita, iye akubwera, bambo akupita, ndipo anachita mantha osakanikirana ndi chimwemwe. Anajambula sikirini n'kutumizira Febby, amene anayankha mawu amodzi okha: "Mulungu."

Nkhope yake ya pansiyo inamuthandizanso pa kuwala, chifukwa inaonetsa pamene mthunzi wa pakhonde umagwera. Potsatira imeneyo, anadetsa tsaya la kumanzere la bambo pang'onopang'ono ndi burashi yofewa, nawalitsa la kumanja, nasamutsa mthunzi wa mphuno. Ngakhale kadontho koyera ka m'diso anakasunthira mbali ya kuwala. Anachotsa chikasu cha dzuwa la kumtsinje kuti khungu lifanane ndi la anthu a pakhonde. Foni imasalaza nkhope pamene kamera yakale imasiya timchenga, ndiye anawaza timchenga tomweto pa bambo. Msoko wa pakhosi anaubisa mu kolala. Pomaliza anaika mithunzi, wina wofewa pachitseko kumbuyo kwawo, wina wakuda pang'ono pansi pa zala pa mpando wa mayi, chifukwa munthu wopanda mthunzi amaoneka ngati akuyandama.

Anayesa zonse zimene mmisiri amayesa. Anachotsa mitundu kuti aone ngati kuwala kukugwirizana, anasindikiza kakang'ono n'kukaona panja. Anayang'ana tsitsi, kolala, zala. Akayang'ana maso a bambo, iye ankaona Febby pa kampando kake, popeza ankadziwa amene ankasekedwayo. Anasindikiza chachikulu, nachiika m'felemu, nachikulunga m'pepala.

*

Tsiku lovundukula mwala, anthu atabwerako kumanda anadzaza m'nyumba ndi pabwalo. Febby anabwera ngati mnzake wa Rachael, atamanga chitenje, nakhala kuseri akutsuka mbale ndi amayi ena. Miriam anali m'chipinda chochezera akugawa zakumwa, ngati munthu wodziwa kumene makapu amakhala. Pa sofa wamkulu panakhala a Bertha, mlongo wawo wa malemu, amene anachokera ku Shimabala ndipo mawu awo m'banjamo sankabwezedwa.

Atatha kudya, Lighton anagwada pamaso pa mayi ake, nawapatsa phukusi. Rachael anakaitana a kuseri, ndipo Febby anaima pakhomo, manja akadali onyowa. Mayi Emelda anang'amba pepala.

Mayi sanalire msanga. Anayang'ana, nayandikitsa nkhope, natambasula chala n'kukhudza galasi pa chipsera cha pamwamba pa diso.

"Atate ake Lighton," anatero chapansipansi, ngati akuopa kuwadzidzimutsa. "Mwaseka."

Apo ndi pamene anthu anayamba kusisima. Mdala wina amene anagwira ntchito ndi malemu anavula chipewa. Mayi wina anafunsa ngati bambowo analipodi tsikulo, ndipo atauzidwa kuti ndiwo ankajambula, anagwira pakamwa. Chithunzi chinayenda m'manja m'manja, aliyense akuchigwira mosamala, ndipo ana anakankhana kuti aone agogo awo. Lighton anayang'ana pakhomo, napeza Febby akulira akumwetulira. Anaona kuti nthawi yake ndi imeneyi, nayamba kukonza kukhosi.

Chithunzi chinali chitafika kwa a Bertha. Iwo anachitalikitsa, poti maso awo amaona bwino patali, ndipo anaona chimene mmisiri sanachione masabata awiri.

"Imwe, onani kwamene ayangana Evaristo."

Anthu anaunjikana. Dzanja la bambo linali pa mpando wa akazi awo, inde, koma nkhope yonse, kuseka konse, kunatsikira pa Miriam. A Bertha anati iwo sakhulupirira zamasiku ano, koma ichi chawaopsa. Mlongo wawo anapita osanena mawu pa za mwana wake, ndipo lero, tsiku la mwala wake, wanena. Wina anayambitsa nthungululu. Miriam anaphimba nkhope ndi manja, koma anasiya mpata pakati pa zala.

Lighton anayesa kunena kuti ndi mmene chithunzi chinalili, kuti iye ndiye anaika, koma a Bertha anamudula. Anamufunsa ngati anachita dala. Iye anati ayi. Iwo anati basi, ndiye umboni wake umenewo, dzanja linali lake koma wolitsogolera anali wina. Lighton atayang'ananso pakhomo, Febby panalibe.

Anathamangira kumsewu, koma minibasi inali itanyamuka. Pobwerera anapeza Miriam waika kale chithunzicho pa sitetasi ya pa WhatsApp, atachidula kuti mutsale iye ndi bambo okha, ndi mawu akuti "Ba dadi banasanka kudala." Posakhalitsa uthenga wa Febby unalowa: "Nenze nakuuza ine kuti usabatembenuze, so sinikupasa mulandu. Koma kuseka kwanga mwapasa wina pamenso pa bantu. Usanitumile, usabwele." Lighton atayesa kuimba, foni inali yozimitsidwa.

*

Dzuwa lisanalowe, alendo akutsanzikana panja ndipo a Bertha ali pa foni ndi mayi ake a Miriam kukambirana zoti mabanja awiriwo adzakumane Loweruka likubwerali pa nkhani ya ukwati, Lighton anagogoda kuchipinda kwa mayi ake. Anawapeza atakhala pabedi, chithunzi chili pamiyendo. Anagwada, natsegula laputopu, nati pali chimene ayenera kuona.

Anazimitsa maleya imodzi imodzi. Mithunzi inachoka, kuwala kunabwerera kumene kunali, mutu wa bambo unazimirira n'kutsala iye mwini m'jekete. Mayi anapuma mwamphamvu. Kenaka Lighton anatsegula chithunzi cha kumtsinje, chathunthu, chosadula. Mabango, beseni la nsomba, bambo akuseka, ndi mtsikana pa kampando atakweza nkhope.

"Uyu ni uja enze kusuka mbale?"

"Ni yeve, amai. Ni Febby."

Mayi anafunsa tsiku, ndipo iye anawaonetsa. Anawerengera chamumtima, nati akulikumbukira tsikulo. Bambo anachoka m'mawa osanena kumene akupita, nabwera madzulo ndi nsomba ziwiri zoonda, fumbi mpaka m'tsitsi, ndipo iwo anawakalipira chifukwa choyenda osadya pamene ali ndi shuga. Anati usiku umenewo bambo anayamba kunena kuti pali nkhani, koma iwo anali okwiya, anatembenukira kukhoma.

Lighton anaganiza kuti apa zatheka. Anati tsopano mayi aona okha amene bambo anamukonda, ndipo chithunzi angachikonze, angasunthe anthu, angachite chilichonse. Koma nkhope ya mayi sinafewe monga ankayembekezera. Anayang'anitsitsa mtsikana wa pa kampando uja, nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munali kudabwa ndi kupweteka pamodzi.

"Chaka chonse," anatero. "Chaka chonse ninaphika vamene akonda, ninaitana anzake, ninayimba na nyimbo zamene tenze kuvina tikali ana. Sanaseke olo kamozi. Ninaganiza kuti matenda anachosa kuseka mu thupi mwake. Kansi kwenzeko."

"Amai, anaseka chifukwa Febby anakamba ati..."

Mayi anakweza dzanja. Anati sakufuna kumva kwa iye. Anaimirira, naika chithunzi pamwamba pa kabati chitayang'ana kukhoma, nati sichipachikidwa, ndipo iwo sawayankha a Bertha kuti inde kapena ayi, kufikira Lachisanu. Likadutsa Lachisanu, a kwa Miriam adzalandiridwa monga alamu awo akonzera. Lighton anamva foni yake ili chete m'thumba, ndipo anadziwa kuti ku Chanyanya yazimitsidwa chifukwa cha iye.

"Umubwelese," anatero Mayi Emelda. "Abwele yeka, iwe uzankala panja. Nifuna aniyangane pamenso, aniuze na pakamwa pake vamene anauza mwamuna wanga kuti aseke so, vamene ine ninakangiwa."